Ndani wabwereranso? Kusiyanitsa oonera atsopano ndi akale pa mndandanda wa mavidiyo

Aliyense amene amatulutsa vidiyo sabata ndi sabata amadziwa mmene mtima umagundira akamatsegula tsamba la ziwerengero m'mawa wotsatira. Diso limathamangira pa nambala yaikulu ija ya Views. Ikakwera, tsiku limayamba bwino. Ikatsika, munthu amayamba kudzifunsa ngati mutu wa vidiyo sunali wokopa kapena ngati anaitulutsa pa nthawi yolakwika. Koma nambala imeneyi imangowerenga maulendo amene vidiyo yaoneredwa. Siikuuzani kuti anaonerawo ndi ndani, ndipo siikuuzani chinthu chimene mwini mndandanda wa mavidiyo amafunitsitsa kudziwa: kodi amene anaonera gawo lachitatu anabweranso kudzaonera lachinayi?

Vidiyo imodzi yoima payokha ingathe kukhalira alendo okhaokha. Wina wafufuza mmene angachitire chinachake, wapeza vidiyo yanu, wathandizika, wapita, ndipo palibe cholakwika. Mndandanda ndi wosiyana. Mukalemba kuti gawo loyamba, gawo lachiwiri, ndiye kuti mwalonjeza kuti nkhaniyi ipitirira, ndipo mukuyembekezera kuti munthu yemweyo azibwerabe. Nchifukwa chake oonera amagawidwa pawiri, atsopano ndi obwereranso. Kugawako nkosavuta chifukwa chida chowerengera oonera, monga YouTube Studio, chimakuchitirani. Pamene anthu ambiri amasokonekera ndi powerenga zimene zatulukazo, ndipo ine ndimaona kuti cholakwa chachikulu ndi chimodzi: kuyang'ana peresenti ya obwereranso m'malo moyang'ana chiwerengero chawo chenicheni ndi gulu limene anachokera.

Tiyambe ndi tanthauzo la mawu awiriwa, chifukwa chida sichiwamva monga timawamvera ife. Pa YouTube Studio, mukalowa mu Analytics nkusankha Audience, woonera watsopano ndi amene waonera tchanelo yanu koyamba m'nthawi imene mwasankhayo. Koma m'gulu lomweli mumalowanso munthu amene akuonera pa bulawuza yobisa mbiri, amene anafufuta mbiri ya zimene anaonera, ndi amene watha chaka choposa chimodzi asanaonere tchanelo yanu. Choncho watsopano amatanthauza munthu amene chida sichikumukumbukira, osati munthu amene sakukudziwani. Kwa zaka zingapo galafu ya patsambali inkaonetsa mizere iwiri, New viewers ndi Returning viewers. Mu 2025 YouTube inagawanso obwereranso aja pawiri: Casual viewers, amene aonera tchanelo mwezi umodzi mpaka isanu m'chaka chapitachi, ndi Regular viewers, amene akhala akubwera mwezi ndi mwezi kwa theka la chaka kapena kuposa. Tibweranso ku magulu amenewa. Pakadali pano gwirani mfundo iyi, imene ndi yofunika kwambiri kwa mwini mndandanda: wobwereranso ndi amene wabwerera ku tchanelo, osati ku mndandanda.

Masabata asanu ndi atatu a mphunzitsi wa gitala

Tiyerekeze mayi wina amene amaphunzitsa kuimba gitala. Ali ndi tchanelo yaing'ono imene yakhalapo kwa kanthawi, ndipo wayamba mndandanda wa maphunziro a oyamba kumene, gawo limodzi sabata iliyonse. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, koma kayendedwe kake ndi kamene anthu opanga mavidiyo amakumana nako kawirikawiri. Sabata iliyonse iye amalemba m'kope manambala awiri okha, atsopano ndi obwereranso.

Sabata yoyamba atsopano anali 900, obwereranso 300. Onse pamodzi 1,200, ndiye kuti obwereranso ndi 25 peresenti. Sabata yachiwiri atsopano 1,000, obwereranso 380. Yachitatu atsopano 950, obwereranso 450, ndipo peresenti yafika pa 32. Zinthu zikuyenda pang'onopang'ono, popanda chodabwitsa.

Sabata yachinayi gawo lake linali la kachunidwe ka zingwe za gitala popanda chipangizo chochunira. Vidiyoyi inagwira moto. Anthu anaigawana, YouTube inayamba kuiika pambali pa mavidiyo ena, ndipo atsopano anafika 9,000. Obwereranso anali 600. Mayiyu atawerengera peresenti, nkhope inagwa: kuchoka pa 32 kufika pa 6. Munthu wongoyang'ana peresenti anganene kuti kukhulupirika kwa oonera kwagwa chagada. Koma taonani bwino. Obwereranso achoka pa 450 kufika pa 600. Palibe amene wathawa. Changochitika nchakuti pabwalo padzaza alendo, ndiye eni mudzi akuoneka ochepa pakati pa khamulo.

Kenako mafunde aja anayamba kuphwa. Sabata yachisanu atsopano 2,000, obwereranso 820. Yachisanu ndi chimodzi atsopano 800, obwereranso 700. Yachisanu ndi chiwiri atsopano 500, obwereranso 640. Yachisanu ndi chitatu atsopano 300, obwereranso 560. Mukawerengera peresenti m'masabata anayi amenewa mupeza 29, 47, 56 ndi 65. Ikukwera sabata iliyonse, ndipo 65 ndi yaikulu kuposa ina iliyonse chiyambireni mndandandawu. Apa ndi pamene munthu amajambula galafu nkuionetsa anzake kuti onani, anthu anga ndi okhulupirika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Obwereranso atsika masabata atatu otsatizana, 820, 700, 640, 560. Peresenti ikukwera chifukwa chakuti atsopano akutha msanga kuposa mmene akale akuthera. Tchanelo imene alendo asiya kufikako imakhala ndi peresenti yokongola kwambiri ya obwereranso, ndipo tsiku limene sipadzabwera mlendo ngakhale mmodzi idzafika pa 100.

Ndiye nambala yomweyi yamunamiza kawiri. Inamuliza pa sabata imene zinthu zinali bwino, nkumusangalatsa pa sabata imene zinthu zinayamba kuterereka. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Peresenti imeneyi imagawa obwereranso ndi anthu onse a sabata ino, ndipo mwa anthu a sabata ino muli alendo amene kubwera kwawo sikukhudzana nkomwe ndi kukhulupirika. Kuchuluka kwa alendo kumadalira mutu wa vidiyo, chithunzi chake chapamwamba, amene aigawana, ndi mmene makina a tsambalo asankhira kuionetsa. Mukaika zinthu zimenezi pansi pa mzere wogawira, mukuyeza kufala kwa vidiyo uku mukuganiza kuti mukuyeza kukhulupirika.

Funso loyenera likuyang'ana kumbuyo: mwa anthu amene anali ndi mwayi wobwereranso, ndi angati abwereradi? Amene angabwerere ndi amene anafikapo kale. Choncho chogawira chiyenera kukhala anthu a masabata apitawo.

Ngakhale ndi manambala awiri a m'kope aja, mayiyu angathe kuyerekeza. Pakati pa sabata yoyamba ndi yachitatu, obwereranso anawonjezeka ndi 150. Alendo amene anafika m'masabata awiri oyambawo anali 1,900. Ndiye kuti pa alendo 100 alionse, gulu la obwereranso linakula ndi anthu pafupifupi 8. Tsopano tengani nyengo yachiwiri. Chipwirikiti chisanayambe obwereranso anali 450, ndipo pa sabata yachisanu ndi chitatu ali 560, kusiyana kwa 110. Alendo amene anadutsa kuyambira sabata yachinayi mpaka yachisanu ndi chiwiri anali 12,300. Pa alendo 100 alionse, gulu lija silinakule ngakhale ndi munthu mmodzi wathunthu. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo a sabata yachinayi anakamukadi dzuwa lisanakwere.

Kuwerengera kotereku kuli ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Nambala ya 110 ija ndi chotsala pambuyo pa zinthu ziwiri zimene zachitika nthawi imodzi, ena kulowa ndi ena kutuluka. Nkutheka kuti alendo 300 anakhazikika koma akale 190 anachoka. Nkuthekanso kuti akale onse alipo ndipo alendo okhazikika ndi 110 basi. Matenda awiriwa ndi osiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyananso, koma manambala awiri a m'kope sangawasiyanitse.

Kutsatira gulu limodzi

Njira imene imasiyanitsa ndi yotenga anthu onse amene anafika koyamba m'sabata imodzi, kuwaona ngati gulu limodzi, nkumawatsatira sabata ndi sabata. Zili ngati kalasi imene inalembetsa chaka chimodzi: simuisakaniza ndi ina, mumangowerenga kuti atsala angati chaka chilichonse. Amene amaika mavidiyo pa tsamba lawolawo kapena pa pulogalamu imene anthu amalowa ndi akaunti angathe kuchita zimenezi mwachindunji, ndipo mu Google Analytics 4, pulogalamu ya Google yowerengera anthu ofika pa tsamba, muli chida chotchedwa Cohort exploration chimene ntchito yake ndi yomweyi. Kawerengedwe kake nkotere:

```
kubwerera = a m'gulu amene aonera sabata ino / a m'gulu onse pachiyambi x 100
```

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wathu ali ndi mwayi woona magulu ake motere. Gulu la sabata yachiwiri linali la anthu 1,000. Sabata yotsatira anabwera 130, kenako 100, kenako 90, kenako 88, 86 ndi 85. Gulu la sabata yachinayi linali la anthu 9,000. Sabata yotsatira anabwera 360, kenako 200, kenako 110, kenako 50.

Chimene muyenera kuyang'anitsitsa apa ndi maonekedwe a mzere, kuposa nambala yoyamba. Magulu onse awiri agwa kwambiri pa sabata yoyamba, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa, chifukwa anthu ambiri amene amaonera vidiyo kamodzi sabweranso, kaya vidiyoyo ndi yabwino chotani. Kusiyana kuli pa zimene zikuchitika pambuyo pake. Mzere wa gulu loyamba wagwa, kenako wagona: 90, 88, 86, 85. Anthu 85 amenewo apanga chizolowezi, ndipo sabata iliyonse mungawayembekezere. Mzere wa gulu lachiwiri sukugona. Sabata iliyonse ukutaya pafupifupi theka la otsala, ndipo ukapitirira chomwecho ufika pansi. Kwa ine, kukhulupirika kwa oonera ndi malo amene mzerewu wagona. Ngati magulu anu amagona pamalo ena ake, ndiye kuti gulu lililonse latsopano likusiya kachigawo kake pamwamba pa ena, ngati njerwa pa njerwa, ndipo chiwerengero cha obwereranso chizikwera ngakhale alendo asachuluke. Ngati sagona, mukutunga madzi ndi dengu: obwereranso amaoneka ambiri pokhapokha pamene alendo a sabata yatha anali ambiri.

Onaninso chinthu china chimene magulu awiriwa akuulula. Pofika sabata yachisanu ndi chitatu, anthu 1,000 aja asiya 85, pamene 9,000 aja asiya 50. Gawo limene linaoneredwa kwambiri kuposa onse ndi limene labweretsa anthu okhazikika ochepa. Sikuti vidiyoyo inali yoipa. Inayankha funso limodzi limene anthu ambiri ali nalo, kuphatikizapo odziwa kale kuimba amene sakufuna maphunziro a oyamba kumene. Anapeza yankho lawo, anathokoza mumtima, anapita. Ngozi ili pa zimene mphunzitsiyu angachite akasocheretsedwa ndi Views: kusiya ndondomeko ya maphunziro nkuyamba kuthamangitsa mitu yofanana ndi ya sabata yachinayi. Akatero adzakhala akutumikira anthu amene sabweranso, uku akukhumudwitsa 85 aja amene akudikira phunziro lotsatira.

Ngati chida sichikupatsani magulu

Anthu ambiri amene amaika mavidiyo pa masamba a ena alibe mwayi wotsatira gulu motere, chifukwa tsambalo limangopereka manambala ophatikiza. Pamenepa muyenera kusonkhanitsa umboni kuchokera mbali zingapo, ndipo apa ndi pamene mfundo ija yakuti wobwereranso wabwerera ku tchanelo imayamba kuluma.

Ganizirani munthu amene anapeza vidiyo ya kachunidwe ka zingwe. Nthawi iliyonse gitala yake ikasokonekera amatsegulanso vidiyo yomweyo. Chida chimamuwerenga ngati wobwereranso, ndipo sichikunama, wabwereradi. Koma sanaonepo gawo lachisanu ndipo mwina sadziwa nkomwe kuti pali mndandanda. Ganiziraninso munthu amene amakonda timavidiyo tatifupi ta Shorts timene mayiyu amaika apa ndi apo, kapena nyimbo zake zakale. Nayenso ndi wobwereranso. Mwa anthu 820 a sabata yachisanu aja, ambiri angakhale a mtundu umenewu, ndipo kutsika kwa masabata otsatira kungangokhala kuchoka kwa anthu amene sanalowepo m'kalasi nkomwe.

Pofuna kuchotsa chisokonezochi, siyani kuyang'ana tchanelo yonse, yang'anani gawo latsopano lililonse palokha, ndipo muliyeze pa msinkhu wofanana ndi anzake. Tengani masiku 7 oyamba a gawo lachitatu, masiku 7 oyamba a gawo lachisanu, masiku 7 oyamba a lachisanu ndi chitatu. Musayerekeze gawo limene lakhala miyezi iwiri ndi limene latuluka dzana, chifukwa lakalelo lakhala ndi nthawi yotola alendo ochokera kofufuza. M'masiku oyambawo ndi mmene anthu odikira amafika. Ngati chida chanu chimagawa atsopano ndi obwereranso pa vidiyo iliyonse, lembani obwereranso a masiku 7 amenewo, gawo ndi gawo. Mzere umenewu ndi umene uli pafupi kwambiri ndi funso lanu. Mu Advanced mode ya YouTube Studio mungathenso kuika magawo onse a mndandanda m'gulu limodzi kuti muziwaona padera, osasakanikirana ndi mavidiyo ena a pa tchanelo.

Umboni wachiwiri ndi njira imene anthu adzera. Munthu wodikira gawo latsopano amafika kudzera mu Notifications, mu Channel pages, mu Playlists, kapena mu Browse features, mmene muli tsamba loyamba ndi tsamba la matchanelo amene analembetsa. Mlendo nthawi zambiri amadzera mu YouTube search, Suggested videos kapena External. Malirewo si okhwima, chifukwa tsamba loyamba limaonetsanso vidiyo kwa alendo, koma pali kachinthu kena kamene ndimakakhulupirira kwambiri. Tsegulani YouTube search muone mawu amene anthu analemba. Amene analemba kuti kachunidwe ka gitala akufuna yankho kwa aliyense amene angalipereke. Amene analemba dzina la mndandanda wanu ndi nambala ya gawo akufuna inuyo. Ngakhale atakhala ochepa, kuwonjezeka kwawo mwezi ndi mwezi ndi chizindikiro chovuta kunamizira.

Umboni wachitatu uli m'magawo akale. Vidiyo imodzi ikafala, thamangirani kukaona gawo loyamba. Mlendo amene wakopeka ndi mndandanda, osati ndi yankho limodzi lokha, amabwerera m'mbuyo kukayambira pachiyambi. Ngati pa sabata yachinayi ndi yachisanu gawo loyamba linadzuka, lachiwiri nkudzukanso pang'ono, lachitatu chimodzimodzi, ndiye kuti ena mwa alendowo alowa m'kalasi. Ngati magawo atatuwo anangogona tulo pamene lachinayi likuphulika, alendowo sanaone khomo, kapena analiona koma sanalifune. Kusiyanitsa ziwirizi nkotheka: onani ngati kumapeto kwa vidiyo yofalayo munaikako chithunzi cholozera ku gawo loyamba, ndipo ngati chilipo, onani kuti anachidina angati.

Nanga olembetsa? Nambala ya Subscribers imangokuuzani kuti tsiku lina munthu anadina batani. Amakhalabe m'chiwerengerocho ngakhale atatha zaka osaonera kanthu, ndipo pali anthu ambiri amene amaonera gawo lililonse osalembetsa. Pa funso la kukhulupirika, nambalayi ndi yofooka kuposa zonse tatchulazi.

Zimene chida sichiona

Chida sichiona nkhope. Chimaona akaunti, kapena foni, kapena kachizindikiro kamene bulawuza imasunga. Munthu mmodzi amene amaonera pa foni masana ndi pa kompyuta usiku, osalowa mu akaunti, angawerengedwe ngati anthu awiri, ndipo mmodzi wa iwo angakhale watsopano. Anthu anayi amene amaonera limodzi pa TV imodzi amaoneka ngati mmodzi. Kwa amene ali ndi tsamba lawolawo vutoli ndi lalikulupo, chifukwa bulawuza ya Safari imafupikitsa moyo wa tizizindikiro tina totere kufika pa masiku 7. Munthu wokhulupirika amene wadumpha sabata imodzi angabwerenso atavala nkhope ya mlendo. Zambiri mwa zolakwikazi zimakankhira mbali imodzi: zimachulukitsa atsopano nkuchepetsa obwereranso. Choncho nambala ya obwereranso muziitenga ngati yoperewera pang'ono, ndipo muzikhulupirira kayendedwe kake kuposa kukula kwake. Ngati kuperewerako kuli kofanana sabata iliyonse, kukwera ndi kutsika kwa mzere kumanenabe zoona.

Kutalika kwa nthawi imene mwasankha nakonso kumasintha nkhani. Muyezo uyenera kufanana ndi kamvekedwe ka ng'oma yanu. Ngati mumatulutsa gawo sabata iliyonse, yezani pa masiku 7, kuyambira tsiku lotulutsira. Ngati mumatulutsa kamodzi pamwezi, kuyeza pa sabata kudzakuonetsani sabata imodzi yodzaza ndi atatu opanda kanthu, ndipo mudzadandaula pachabe. Ngati chida chikungokupatsani manambala a masiku 28, kawerengedwe konse kamene tachita pamwambapa kamagwirabe ntchito, kungoti mudikira miyezi m'malo mwa masabata. Chachikulu nchakuti musasinthe muyezo pakati pa ulendo. Obwereranso a masiku 28 nthawi zonse amaposa a masiku 7, ndipo mukayerekeza awiriwo mudzaona kukula kumene kulibe.

Apa tibwerere ku Casual viewers ndi Regular viewers. Kugawa kumeneku kumathandiza chifukwa kumasiyanitsa wobwera kawiri ndi wobwera nthawi zonse, chinthu chimene mizere iwiri yakale ija sinkachita. Koma kumachedwa. Mndandanda wa masabata asanu ndi atatu sungathe kusandutsa mlendo ngakhale mmodzi kukhala Regular viewer, chifukwa theka la chaka silinakwane. Munthu amene anafika sabata yachiwiri nkuonera gawo lililonse mosadumpha akadali Casual. Ndiye ngati mphunzitsi wathu aona kuti Regular viewers sakusuntha, asaweruze mndandanda wake ndi zimenezo. Nambala imeneyo lero ikunena za ntchito imene anagwira miyezi yapitayo, ndipo chiweruzo cha mndandandawu chidzaonekamo miyezi ikubwerayi. Kuona maso a nkhono nkudekha. M'miyezi yoyamba, mzere woyenera kuuyang'ana ndi wa Casual.

Chinthu china chimene chimasocheretsa ndi kuchepa kwa anthu. Ngati obwereranso anu ndi 40, kusowa kwa anthu asanu ndi mmodzi ndi 15 peresenti, koma anthu asanu ndi mmodzi angasowe chifukwa cha chilichonse, kutanganidwa, kudwala, intaneti kuvuta. Pa manambala ang'onoang'ono musasunthike ndi sabata imodzi. Dikirani masabata atatu kapena anayi olozera mbali imodzi. Ndipo ngati munalipira kuti vidiyo ilengezedwe, lembani sabata imeneyo m'kope, chifukwa alendo ogulidwa amagwetsa peresenti mofanana ndi mmene inagwera sabata yachinayi ija.

Sabata yachisanu ndi chinayi

Tsopano mphunzitsi uja wakhala pansi ndi kope lake kuti asankhe chochita. Akudziwa kuti obwereranso a tchanelo yonse atsika kuchoka pa 820 kufika pa 560, koma akudziwanso kuti nambala imeneyo yasakaniza ophunzira ndi anthu ongodzachuna zingwe. Akutsegula magawo amodziamodzi nkulemba obwereranso a masiku 7 oyamba. Tiyerekeze kuti wapeza 400 pa gawo lachitatu, 470 pa lachisanu, 480 pa lachisanu ndi chimodzi, 475 pa lachisanu ndi chiwiri, ndi 485 pa lachisanu ndi chitatu. Ngati zili choncho, kalasi yake ili bwinobwino. Palibe amene akuthawa, ndipo kutsika kuja kunali kukamuka kwa mame. Vuto lake lili pakhomo: alendo atsika kufika pa 300 pa sabata, ndiye kalasi yasiya kukula. Ntchito yake ndi kutsegula njira kuchokera pa vidiyo yofala ija kupita ku gawo loyamba, kuikonza bwino ndondomeko ya magawo kuti lina lizitsatira linzake lokha, ndi kuganizira mitu imene oyamba kumene amafufuza, popeza amenewo ndi amene amakhazikika.

Koma tiyerekeze kuti wapeza zina: 400, kenako 470, 410, 350, 290. Pamenepo nkhani yasintha. Amene akuchoka ndi ophunzira enieni, ndipo kuitana alendo ambiri sikungathandize, chifukwa adzalowa m'nyumba yodontha. Ayenera kufufuza chimene chinasintha kuyambira gawo lachisanu ndi chimodzi. Mwina maphunziro anadumpha sitepe nkukhala ovuta mwadzidzidzi. Mwina anayamba kubwereza zoyambirira pofuna kulandira alendo a sabata yachinayi, akale nkutopa. Mwina tsiku lotulutsira linayamba kusinthasintha. Galafu ya Audience retention ya magawo amenewo imuonetsa mphindi imene anthu akusiyira, ndipo ngati ingagawidwe pakati pa atsopano ndi obwereranso, ayang'ane mzere wa obwereranso. Alendo kusiya m'masekondi 30 oyamba ndi zachizolowezi. Koma ngati anthu amene anaonera magawo asanu mpaka kumapeto ayamba kusiya pa mphindi yachitatu ya gawo lachisanu ndi chimodzi, atsegule vidiyoyo, apite pa mphindi yachitatu, aone chimene ananena pamenepo.